Chipinda cha azakhali pa pulani

Azakhali anga anandiitanitsa Loweruka lina masana kuti ndikawawerengere nyumba. Amatero iwo, kuwerenga nyumba. Ndinali nditangoweruka kusitolo ya zomangira ku Paulington komwe ndinkagwira ntchito, ndipo ndinakwera kombi, minibasi ya ku Chikanga komwe amakhala, ndikung'ung'udza, chifukwa pabanja pathu aliyense akalandira chinthu chachizungu amathamangira kwa ine ngati ndine ndinachilemba.

Mwana wawo, msuweni wanga wa ku Joni, anafuna kumanga nyumba yaikulu pamalo pomwe panali kanyumba ka makolo ake. Kanyumbako anakasiya ndi malemu bambo ake, omwe ankagwira ntchito kunjanji, ndipo popanda azakhali kuvomera sakanagwetsa ngakhale njerwa imodzi. Ndiye anatumiza chithunzi cha pulani pa foni, napempha yankho. Azakhali analibe nazo za kukula kwa nyumbayo. Funso lawo linali limodzi basi: iwo adzagona pati?

Chithunzicho, abale inu! Munthu wamkulu ndevu pepeya anajambula pepala atalipendeketsa, chala chake chili pakona, kwina kukunyezimira. Mawu ena anali oongoka, ena oimirira motsata makoma moti umawawerenga kuchokera pansi kupita m'mwamba. Ndikatembenuza foni kuti ndiwerenge oimirirawo, chithunzi nachonso chinkatembenuka. Ndinapsa mtima. Pomaliza ndinaigoneka patebulo, n'kumaizunguza pomwepo pang'onopang'ono, ife awiri mitu itagundana.

Ndinayamba ndi kufunafuna msewu. Dzina lake linalembedwa chammbali m'mphepete mwa pepala, ndipo nditalipeza ndinalozetsa mbali imeneyo kugeti lathu lenileni.

"Azakhali, uku ndi kumsewu. Apa ndi pakhonde. Ichi chachikulu ndi chochezera."

"Nanga timiyezi iti?"

Amanena timizere tokhota tomwe tinali paliponse pamene khoma laduka. Ndinawauza kuti ndi zitseko, kukhotako kukusonyeza mbali yomwe chitseko chimatsegukira, ndipo timizere topyapyala m'kati mwa khoma ndi mawindo. Anagwira msanga. Anayamba kuyenda m'nyumbamo ndi chikhadabo, kulowa pa kamwezi aka n'kutulukira pa ako, akuseka kuti mwana wawo waika zimbudzi zochuluka ngati pachipatala.

Pansi pa zipinda zatsopanozo panali mizere ina yodukaduka, ndi mawu ang'onoang'ono oimirira pambali pake, muvi ukuloza. Ndinakulitsa ndi zala.

"Iyi ndi nyumba ino tilimoyi. Akuti yomwe ilipo, yogwetsa."

Anayang'ana khoma la kuchipinda kwawo, limene amuna awo anapaka okha penti wobiriwira wotsala kuntchito. Anangoti, "Ndikudziwa. Pitiriza."

Ndinapitiriza. Chogona chachikulu, cha mwini nyumba ndi mkazi wake. Chachiwiri, cha anyamata. Chachitatu, cha mtsikana. Kenako china pafupi ndi khonde, chokhala ndi windo loyang'ana kumsewu.

"Ichi akuti cha alendo."

"Alendo ake ati?" Anaseka, koma chikhadabo chinakhala pomwepo kanthawi. Ndinaona kuti achikonda. Azakhali ndi munthu wokonda kuona odutsa ndi kuwakuwira moni.

Msuweni wangayo anali atatumizanso mawu ojambula, m'Chishona, chiyankhulo cha kuno, chosakaniza ndi chizungu, poti Chichewa chinamuthawa kalekale, amangodziwa "zikomo" ndi kutukwana. Ankanena mosangalala kuti chipinda cha amayi wachizunguliza ndi chofiira, chili ndi chimbudzi chakechake, palibe wodzawasokoneza. Chofiiracho tinachipeza kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa khitchini. Kanali kachipinda kowonda, moti dzina lake silinakwane chopingasa, wojambula analiimiritsa. Mzere wofiira unadutsa pamwamba pa zilembozo. Ndinazunguza foni, ndinakulitsa mpaka zilembo zinachita chimbuuzi, ndinachepetsanso. Zinali zinayi: MAID.

Ndinayamba kufufuza ngati mawuwo anali a kabokosi koyandikana nako, popeza pa mapulani dzina limatha kulembedwa kunja muvi n'kulozera komwe likunena. Muvi panalibe. Kabokosi kenako kanali ndi dzina lakelake, mochapira zovala. Zilembo zinayizo zinali pakati penipeni pa chipinda chozungulizidwacho, manambala a kukula kwake ali pansi pake.

"Watonthola bwanji, iwe mwana wa achimwene? Akuti chiyani?"

Ndinasakasaka mawu ofewa m'Chichewa chonse chimene ndimadziwa, sindinawapeze. Kunama kwa azakhali sindinazolowere.

"Akuti cha wantchito. Wantchito wamkazi."

Anaika chikhadabo m'kachipindamo nayamba kufuna kamwezi. Kanalipo kamodzi kolowera kuchimbudzi, ndi kena kotulukira panja, kumbuyo. Khoma la mbali ya khitchini linali lathunthu, losaduka paliponse. Kuti akamwe tiyi ndi adzukulu awo anayenera kutuluka panja, kuzungulira, n'kukalowera khomo la kukhitchini.

Azakhali anakhala zaka zambiri akugwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena kumapiri a Bvumba, mpaka azunguwo anachoka nthawi ya kulandidwa kwa minda. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, kozizira ndi nkhungu ya kumeneko, ndipo kwawo ku Chikanga ankabwera mwa apo ndi apo. Msuweni wangayo sukulu anaphunzira ndi ndalama za m'kachipindako.

Ine ndiye ndinalusa. Ndinamuimbira pomwepo, ndipo zimene ndinamuuza sizolemba m'buku. Iye anadabwa zenizeni. Anati pulaniyo anagula yojambula kale kwa munthu wina, anangoisintha apa ndi apo kuti ikwane pamalopo, mawuwo sanawaganizireko n'komwe. Anati anasankha chipindacho chifukwa cha chimbudzi, poti miyendo ya amayi ikuvuta. Ndinamufunsa za cha alendo chija. Anati apongozi ake akamabwera kuchokera ku Harare afunika pogona pabwino. Ndinadula foni ndisanachimwe.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sankanama. Mwana uja amawakonda amayi ake. Anangoyang'ana pepala, naona pamene mayi ngati wakeyo amakwana, nazunguliza.

"Azakhali, kanani. Nyumba ndi yanu iyi. Mukakana, palibe chimene angachite."

"Ndikane, akamange kwina? Ndiye adzukulu anga ndizidzawaona pa foni mpaka ndife?"

Anadzuka nakatereka madzi a tiyi. Ndinkawamva akutsegula ndi kutseka makabati ngati aiwala pomwe amasunga makapu. Ine ndinatsala ndi foni patebulo, misozi ikugwera pagalasi, ndikuipukuta ndi nsonga ya bulauzi.

Atabwerera anakhala pansi bwinobwino, nandiuza kuti ndilembe yankho m'chizungu kuti mwana wawo amve bwino. Ndinakonzeka zala.

"Umuuze kuti ndavomera. Agwetse."

"Ndi chitseko chomwe? Azakhali, ngakhale chitseko cholowera m'nyumba osapempha?"

"Ndizizungulira, ndinazolowera. Koma chinthu chimodzi." Anagogoda pagalasi, pa zilembo zoimirira zija. "Wojambulayo afufute mawu awa pepala lisanafike kuno. Ana aja amawerenga chizungu."