Nambala Yobisika pa Botolo la Mdzukulu wa Alamu

Anamabotolo amasoka zovala pakhonde la nyumba yalendi, koma dzinali silinachokere ku singano. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anagulitsa mankhwala m'famase yomwe anatsegula ndi malemu amuna awo. Pepala la sukulu ya ntchitoyo linali lawo, mashelefu anapaka okha utoto, ndipo botolo lililonse ankalidziwa ngati mwana wobala okha.

Amuna awo atamwalira, mng'ono wa malemuwo, amene kale ankagulitsa matayala, anatenga makiyi maliro asanathe n'komwe. Anauza abale kuti kugulitsa mankhwala n'chimodzimodzi kugulitsa sopo, ndipo mkazi wamasiye apume. Anapeza munthu wa mapepala woti dzina lake lizilendewera pakhoma, iwo n'kuvala gauni yoyera yosafika pamchombo. Anamabotolo anatuluka ndi mashini osokera okha. Chidani anachisunga bwino, zaka zinayi, ndipo kutchalitchi akafika pa mawu okhululukira adani ankayamba kutsokomola.

Anthu sanawaiwale. Mwana akadwala ankajambula botolo pa foni n'kuwatumizira, iwo n'kuika siketi ya eni pambali, kuvala magalasi, kukulitsa chithunzi ndi zala. Ambiri mwa anthuwo Anamabotolo ankawakalipira kaye chifukwa chojambula chivindikiro m'malo mwa zolemba.

Lachitatu lina chakumasana kunabwera chithunzi kuchokera kwa mpongozi wa alamu awo aja, mtsikana wofatsa yemwe ankawapatsabe moni mobisa. Kenako foni inalira.

"Amayi aakulu, pepani kukuvutitsani," anatero mtsikanayo. "Mwana thupi linatentha, kuchipatala anatilembera mankhwala. Lero ndi tsiku lachitatu. Kutentha kwatsika koma akungosanza, bere akukana."

Anamabotolo anayang'ana chithunzi. Botolo linali lakuda, mbali imodzi kuwala kwa pawindo kutaphimba zilembo. Pakati panali pepala lomata la famase yawo yomwe ija, ndipo dzanja analizindikira msanga, la alamu, zilembo zopendama ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe: 5 ml kanayi pa tsiku. Pepalalo analimata pamwamba penipeni pa dzina ndi mphamvu ya mankhwala. Dzina linangotsala kumchira, "tamol", ndipo m'munsi mwake munkasuzumira "50 mg/5 ml".

"Palembedwa 100 ml, amayi aakulu. Kapena ndi amphamvu kwambiri?"

"Imeneyo ndi kuchuluka kwa madzi m'botolo, mwanawe, si mphamvu. Ndipo mchira wa dzinawu sindingaukhulupirire. Paracetamol amathera choncho, salbutamol wa chifuwa cha mphumu amatheranso choncho. Choka pawindopo. Matula pepalalo pang'onopang'ono, ujambule kutsogolo, utembenuze ujambule m'mbali momwe muli tizilembo ting'onoting'ono. Ujambulenso chomwe analemba adokotala."

Podikira, mtima unali utawauza kale. Salbutamol wamadzi amakhala 2 mg pa 5 ml, sangathere ndi 50. Paracetamol wa makanda ndi 120, nayenso sathera ndi 50. Koma pa mankhwala a mwana saganizira, amawerenga.

Zithunzi zitatu zinafika. Paracetamol, 250 mg pa 5 ml iliyonse, wa ana okulirapo. Adokotala anali atalemba 120 mg kanayi pa tsiku, ndipo pambali panali sikelo ya mwanayo, makilogalamu asanu ndi atatu. Alamu anangotola botolo la dzina lolondola n'kulemba 5 ml yomwe anaizolowera, osaona kuti m'supuni yomweyo mukulowa mankhwala opitirira kawiri. Anamabotolo anawerengera ndi choko chosokera pa thebulo. Mwana woyenera 480 mg pa tsiku ankamwa 1000, masiku atatu.

Kunena zoona, chinthu choyamba chomwe anamva mumtima chinali kukoma. Chinakhalamo kanthawi kongokwanira kumeza malovu, kenako anakumbukira kuti chiwindi chomwe chikupsacho n'cha khanda la miyezi isanu ndi inayi.

"Usam'patsenso ngakhale dontho," anatero. "Bereka mwana upite kuchipatala chachikulu pompano, usadikire bambo ake. Botolo, kapepala wamatulako ndi pepala la adokotala, zonse m'chikwama. Ukanene kuti wamwa paracetamol wopitirira muyezo masiku atatu, amuyeze magazi a chiwindi. Ndikupeza komweko."

Anavala diresi yawo ya pa zikondwerero.

Kuchipatala anapeza mwana atamuika kale diripi ya mankhwala oteteza chiwindi, kadzanja katamangidwa pa kathabwa. Magazi anaonetsa kuti chiwindi chayamba kuvulala, ndipo adokotala anati aona mmene zikhalire pakapita masiku awiri. Mayi ake anakhala pampando, maso ali gwa pa botolo la diripi. Bambo a mwanayo, mwana wa alamu aja, ankangoyendayenda m'khonde.

Alamu anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu. Atawaona Anamabotolo anawakokera pakona pafupi ndi sinki.

"Alamu, izi ndi za m'banja," ananong'ona. "Tinene kuti mtsikanayu anasokoneza supuni. Ndi mwana, amukhululukira. Ine akandidziwa anditsekera, ndiye tonse tidya chiyani?"

"Tonse?" anafunsa Anamabotolo. "Ine ndimadya za singano, alamu."

Adokotala, mayi wamng'ono thupi wolankhula mosathamanga, anabwera ndi faelo n'kufunsa kuti muyezo wa 5 ml pa botolo limeneli unachokera kuti. Mtsikana uja anayang'ana apongozi ake, kenako pansi. Anali wokonzeka kusenza mlandu, monga amachitira akamwana olemekeza. Alamu anayamba kukonza kukhosi.

Anamabotolo anatulutsa foni, natsegula chithunzi choyamba chija, pepala likadali pabotolo, dzina la famase likuoneka bwino. Sanachipereke kwa adokotala. Anachipereka kwa alamu.

"Maso anga akalamba," anatero mokoma. "Tatiwerengereni, inu a famase. Dzanja ili n'la ndani?"

Alamu anayang'ana foni nthawi yaitali. M'chipindamo munali anamwino awiri, amayi ena odikirira ana awo, ndi mwana wa alamuwo ataima pakhomo.

"Ndi langa," anatero.

Anamabotolo anasuntha chithunzi ndi chala, nafika pa cha botolo lomatulidwa pepala. "Nanga apa pomwe munamata, palembedwa chiyani?"

"250."

"Adokotala analemba zingati?"

Alamu anangowabwezera foniyo. Adokotala analemba m'faelo, napempha kuti chithunzicho awatumizire, chifukwa nkhani yotere imapita kwa oyang'anira za mankhwala. Anamabotolo anatumiza zonse zinayi, n'kufunsanso ngati zafika bwino.

Mwana anachira. Tsiku lachinayi magazi anayamba kubwerera m'malo, nayamba kuyamwa ndi ukali wa munthu amene anamulanda chakudya. Famase inatsekedwa mwezi womwewo, ndipo abale ena mpaka lero amati Anamabotolo ali ndi mtima wa mwala, anagwetsa nyumba ya amuna awo omwe. Iwo amangopitiriza kupalasa mashini.

Koma chomwe amakonda kukumbukira si loko wa pachitseko. Ndi m'mawa womwe mwana ankatuluka m'chipatala. Alamu anabwera atameta bwino, natunga madzi m'kapu, nawerama kuti amwetse mdzukulu wawo. Mtsikana wofatsa uja, amene chilowere m'banjamo anali asanawayang'anepo apongozi ake m'maso, anagwira kapuyo ndi manja awiri mwaulemu wonse.

"Zikomo, bambo," anatero. "Mwanayu ndimwetsa ndekha."

Anakhuthula madziwo mu sinki, natsuka kapu, natunga ena. Alamu anatsala chiweramire, dzanja lili m'malere. Anamabotolo anaona zonse ali pampando wawo, ndipo zinawakomera mpaka m'mafupa.