Mizere Inayi ya kwa Alamu

Pakati pa wokonza mafoni ndi wosoka nsapato pali kachipinda kopanikiza kamene mayi ena amataipiramo anthu makalata. Timawatcha a Fufutani. Akhalapo zaka zoposa makumi awiri, kuyambira nthawi ya makina ogogoda aja mpaka lero pa kompyuta yokalamba imene imayaka ikafuna. Ukawapatsa pepala amayamba awerenga lonse, kenako n'kukuyang'ana pamwamba pa magalasi ngati wawabisira kanthu. Olemba makalata ofunsira ntchito amawaopa, koma mawa lake uwapeza ali pamzere pomwepo.

Ine ndinapitako achimwene anga atamwalira. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndipo uthenga unandipeza ndili kutali. Pofika ine n'kuti ataikidwa kale. Koma ndisaname, vuto silinali mtunda wokha. Tinakangana zaka zinayi zapitazo pa nkhani yopanda mutu, ndipo kuchokera pamenepo sindinapondenso pakhomo pawo. Tsopano ndinkafuna kukaona alamu ndi ana, koma ndinkaopa kubwezedwa pageti. Ndiye ndinati kalata itsogole.

Ndinadzaza masamba awiri, amwene, mpaka ndinadzitayira kamtengo. Munali zonse: ndalandira uthengawu ndi chisoni chachikulu, mtengo waukulu wagwa, tinawakonda koma Mulungu wawakonda koposa. Tsamba lachiwiri linali lofotokoza mmene mkangano uja unayambira, kuti alamu aone kuti wolakwa sindinali ndekha.

A Fufutani anawerenga mpaka pansi, n'kuvula magalasi.

"Pepani ndi malirowa, bambo. Koma pa mawu onsewa, anu ndi ati?"

Ndinapsa mtima. Ndinati ndabwera kudzataipitsa, osati kudzalemba mayeso. Iwo sanatekeseke. Anandikokera mpando n'kundiuza kuti nawonso anataya amuna awo, ndipo analandira makhadi odzaza katoni, onse olankhula chimodzimodzi ngati anakopana. Palibe imene amaikumbukira. Chimene anasunga ndi kapepala ka mlonda wa kuntchito kwa malemuwo, kakuti bambo aja ankamufunsa za mwendo wake wodwala m'mawa uliwonse. Anati atawerenga kapepalako anawaona amuna awo ataima pageti, chikwama m'manja.

Kenako anatenga cholembera chofiira. Mtengo waukulu unapita. Zoti Mulungu wawakonda koposa anati ndiwasiyire abusa, chifukwa si ine wofotokozera mayi wamasiye chimene amuna ake afera. Tsamba la mkangano analikhwatcha lonse, ati namfedwa si woweruza milandu. Pamene ndinalemba kuti akafuna chilichonse andiuze, anapukusa mutu: munthu wolira sakhala pansi n'kumaganiza zoti akutume. Unene wekha chimene uchite, ndi tsiku lake.

Pepala linatsala lofiira lokhalokha. Anandifunsa chinthu chimodzi chimene achimwene anandichitira, chimene ndikhoza kuchinena osachita kukongoletsa.

Kenako ndinakumbukira chaka chimene ankandiphunzitsa ntchito. Ndinawotcherera osavala chotchinga kumaso, chifukwa cha matama, ndipo maso anatupa ngati athiridwa mchenga. Achimwene anajomba kuntchito masiku awiri, akundiika kansalu konyowa m'maso uku akundinena kuti ndine chitsiru. Ndikufotokoza choncho ndinalira pomwepo, wosoka nsapato akumva.

"Lembani zimenezo," anatero a Fufutani.

Kalata inatuluka chonchi: "Alamu, pepani. Achimwene ndi amene anandiphunzitsa ntchito imene ndikudyera, ndipo nditapsa maso anandisamala masiku awiri osachoka. Ndinalakwa kukhala kutali nthawi yonseyi. Ngati mungandilole, ndibwera Loweruka m'mawa kudzakuonani inu ndi ana."

Ndinadandaula kuti yafupika kwambiri, alamu aona ngati ndapeputsa maliro. Iwo anati munthu amene maso atupa ndi kulira sawerenga masamba awiri. Ndipo anakana kuitaipa. Anandipatsa pepala loyera kuti ndikopere ndi dzanja langa, ngakhale zilembo zanga zili ngati mapazi a nkhuku. Tangoganizani, munthu wodyera kutaipa akubweza ntchito imene yabwera yokha!

Mayi amenewa ndimawathokoza mpaka lero, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndikanatumiza masamba awiri aja, ndikanakautsa mlandu pakhomo pa anthu olira.

Kalatayo ndinapatsira mnzanga wokhala kufupi ndi kwa alamu. Lachitatu kunali zii. Lachinayi foni ndinkaiyang'ana mpaka ndinawotcherera chitseko mopendama. Lachisanu masana uthenga unalowa:

"Bwerani, alamu. Ana akufuna amve nkhani ya maso ija. Ine ndayesa kuwafotokozera, koma sindikutha kuimaliza."