Mzere wa Pansi pa Chala

Mlamu wanga ndi telala, ndipo amakhulupirira kuti palibe chinthu padziko pano chomwe sichingadulidwe kuti chikwane. Buluku, diresi, nkhani ya mnzake, zonse amazipinda kumiyendo. Ine ndine mkazi wa mng'ono wake, ndipo popeza ndinkamasulira maulaliki a alendo kutchalitchi, kubanja kuno ananditcha loya. Ulemu umenewu ndimaukonda, ndisaname.

Lachiwiri lina ananditumizira chithunzi pafoni. Linali tsamba lachiwiri la pangano la nyumba yatsopano ya lendi, lolembedwa m'Chingerezi cha maloya. Anajambula pepalalo lili pa mashini osokera, chala chake chachikulu chitaphimba pakona.

"Mlamu, tangondiuzani mwachidule. Landilodi akufuna ndisaine mawa."

Ndinapita konko. Ndinamupeza ali ndi mapini kukamwa, akundiyang'ana ngati kasitomala wochedwa.

"Ndime yachisanu ikuti nyumbayi muzigwiritsa ntchito ngati mokhalamo basi," ndinatero. "Ndipo sakuti ndi bwino mutatero ayi. Akuti muyenera. Mukasaina, mwadzimanga."

"Ndiye ndizikhalamo! Ine ndi mashini anga."

"Bizinesi iliyonse ndi yoletsedwa, pokhapokha..."

"Pokhapokha chiyani?"

"Pokhapokha chala chanu, alamu. Mawu enawo ali pansi pake."

Anajambulanso pepala mwakachetechete, ine ndili pomwepo, m'malo mongondipatsa. Ndiye mlamu wanga ameneyo. Mzerewo unkati pokhapokha mwini nyumba atavomereza molemba kalata bizinesiyo isanayambe, motsatira ndime yachisanu ndi chinayi. Tsamba la ndimeyo analibe. Landilodi anamupatsa masamba awiri okha, enawo akuti ndi zamwambo chabe.

"Aaa, anandilola kale pakamwa," anatero. "Mungolemba m'Chichewa kuti kusoka ndi kololedwa, ndikaonetse mayi a kunyumba asiye kundisokosera."

Mashini amenewo ndi amene amadyetsa ana anayi. Ndikanafewetsa mawuwo, tsiku lina akanatulutsidwa m'nyumba ndi Chichewa changa m'thumba.

"Zimenezo sindilemba. Ine ndikhoza kukuuzani zimene pepala likunena. Koma ngati mawu apakamwa angakutetezeni, kapena ngati kusokera pabalaza kumawerengedwa ngati bizinesi, sindikudziwa. Tengani masamba onse mupite kwa loya weniweni musanasaine."

"Ndiye inu si loya?"

Zinandiwawa, koma ndinavomera.

Anakatenga masamba otsala kwa landilodi, n'kupita ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo akung'ung'udza njira yonse. Mayi wa kumeneko anawerenga masamba onse asanu ndi limodzi. Ndime yobisika ija inkapatsa landilodi mphamvu yothetsa pangano wokhalamo akaphwanya ndime yachisanu. Mayiyo anamulangiza kuti chilolezo chosokera chilembedwe, onse awiri asaine, chimatidwe pa panganolo.

Landilodi atamva anakanda m'mutu, kenako anakana. Anati za makasitomala olowa ndi kutuluka pageti iye sanaziganizire bwino. Pakamwa anali wokonzeka kulola chilichonse.

Mlamu sanasaine. Akusokerabe m'kanyumba kake kakale kodontha, ndipo amauza aliyense kuti anatulukira yekha msampha uja. Uloya wanga unathera pomwepo. Masiku ano amanditcha womasulira, koma diresi langa analisoka osadulako ndi pang'ono pomwe.