Mapiritsi a Mphamba wa pa kreni

Anzawo a pa ntchito anawapatsa dzina loti a Mphamba chifukwa tsiku lonse ankakhala m'mwamba n'kumaona anthu pamutu. Ankayendetsa kreni, chimakina chachitali chonyamula zitsulo ndi konkire pomanga nyumba zosanja. Kachipinda kawo kagalasi kanali kunsonga kwenikweni, ndipo kuti akafike ankakwera makwerero achitsulo kwa mphindi makumi awiri. M'menemo munali mpando, zogwirira ziwiri ndi wailesi ya m'manja. Chimbudzi munalibe.

Anali munthu wadongosolo, wosachedwa, wosamwa mowa. Chimene ankadana nacho n'kutsika masana, chifukwa woyendetsa kreni akatsika ntchito yonse imaima, magalimoto a konkire amangozungulira pachabe, ndipo amuna makumi atatu amakhala pansi n'kumadziwa bwino kumene mnzawo wathamangira. Zinawachitikirapo kamodzi ali atsopano. Alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amene ankamangirira katundu pansi n'kumawalondolera pa wailesi, anawaseka mwezi wathunthu.

Kuyambira pamenepo a Mphamba anaphunzira kudzigwira. M'mimba mukaitana ankangokanikiza mpaka mutasiya. Madzi ankamwa pang'ono. Patapita zaka anayamba kudzimbidwa, ndipo wogulitsa pa sitolo ya mankhwala anawapatsa timapiritsi totsegula m'mimba, tija tokakamiza matumbo kufinya. Ukamwa kamodzi utadya chamadzulo, m'mamawa zonse zimatuluka. Pa paketi panalembedwa kuti munthu asamwe kupitirira sabata osaonana ndi dokotala, koma a Mphamba anaona kuti apeza wotchi ya m'mimba. Hafu faifi ali kuchimbudzi, sikisi ali pa makwerero, opepuka ngati mwana wasukulu.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho. Kamodzi kaja kanafooka, nayamba kumwa tiwiri, kenako tinayi. Pofika chaka chimene ndikunenachi anali pa tisanu ndi titatu. Pa tchuthi anayesapo kusiya. Masiku asanu anadutsa m'mimba muli zii, mimba ili ndendende ngati tayala, ndipo anabwerera ku paketi.

"Bambo, mwatha thupi," akazi awo anatero tsiku lina powaona akubowola lamba malo ena. "Timapiritsi timeneti tikukudyani."

"Ndi ntchito, mayi. Makwerero amadya mafuta."

"Nanga miyendo imene imakukokanani ija? Nayonso ndi makwerero?"

A Mphamba anangomanga lamba n'kutuluka. Sanawauze kuti masiku ano akafika pakati pa makwerero amaima n'kukumbatira chitsulo, mtima ukugunda modumphadumpha.

Lachitatu lina, dzuwa lili pamutu, ankanyamula mtolo wa zitsulo zazitali. Mawu a alamu anamveka pa wailesi: "Tsitsani pang'onopang'ono, alamu. Pang'ono, musamuliritse mlongo wanga maliro anga." A Mphamba anafuna kuseka, koma m'maso munachita mdima. Dzanja lamanja linalemera ngati la munthu wina. Analiuza kuti libweze chogwirira, ilo osamva. Mtolo unatsika mothamanga, n'kuima ndi chiphokoso dzanja lamanzere litamenya batani loimitsira. Zitsulo zinalendewera pamwamba penipeni pa chipewa cha alamu.

Kenako alamu anati, motsitsa mawu, "Alamu, muli bwino kumeneko?"

Anthu awiri anakwera kukawatsitsa ndi malamba.

Ku chipatala anawayeza magazi ndi mtima, n'kuwaika dripi. Adokotala anali mayi wachikulire wosapupuluma. Atamva nambala ya mapiritsi anavula magalasi n'kukhala pansi.

"Bambo, mankhwala amenewa si oipa ngati ndi a masiku ochepa," anatero. "Koma inu mwakhala mukukwapula matumbo tsiku lililonse, kwinaku mukukana kupita akakuitanani okha. Azolowera kudikira chikwapu. Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Mukatsegula m'mimba chonchi mumataya madzi ndi mchere wina wa m'thupi, potaziyamu. Minofu imagwira ntchito ndi mchere umenewo, ndipo mtima nawo ndi mnofu. Wanu watsika kwambiri. N'chifukwa chake dzanja linakana."

"Ndiye matumbowo afa?"

"Ayi. Kwa anthu ambiri amadzuka, koma amatenga masabata, ena miyezi. Tichepetsa mapiritsi pang'onopang'ono, ndipo ndikupatsani mankhwala ena ofewetsa, okokera madzi m'matumbo, osakwapula. Muzimwa madzi ambiri, muzidya masamba, zipatso ndi nyemba. Mimba idzatupa, mwina ndi mapazi omwe. Musachite mantha n'kubwerera. Ndipo m'mimba mukaitana, pitani nthawi yomweyo, kaya muli kuti."

"Ngakhale m'mwamba?"

"Makamaka m'mwamba."

Kwa masabata asanu ndi limodzi a Mphamba anagwira ntchito pansi, kusanja matabwa. Pa kreni panakwera munthu wina waganyu. Anali masabata owawa. Mapazi anatupa mpaka jombo zinakana, mimba inkalira ngati mpope wopanda madzi. Akazi awo ankawadzazira botolo lalikulu la madzi m'mawa uliwonse. Sabata yachisanu, Lachiwiri, cha m'ma teni koloko, m'mimba munaitana mokha popanda piritsi, ndipo a Mphamba anatuluka m'chimbudzi cha pa ntchito akumwetulira ngati akhoza mayeso. Koma kuitanako kunalibe nthawi yake. Lero teni, mawa zii, mkuja thuu koloko masana.

Magazi atakhala bwino adokotala analemba kalata yowalola kukwera. A Mphamba anaipereka kwa kapitawo Lachisanu, n'kufotokozanso zoti azitsika m'mimba mukaitana.

Kapitawo anaipinda kalatayo. "Madala, sabata yamawa tikuthira konkire pansanjika yachisanu ndi chinayi. Konkire sadikira munthu ali kuchimbudzi. Wa ganyu uja satsika. Ngati mukhala mpaka faifi, mpando ndi wanu Lolemba. Ngati ayi, matabwa alipo."

Loweruka a Mphamba anazungulira m'nyumba osapeza pokhala. Zaka khumi ndi zinayi anali atakhala pa mpando umenewo, ndipo sankadziwa kuti munthu wotchedwa Mphamba amakhala ndani pakati pa matabwa. Lamlungu masana anati akukameta. Atalowa m'sitolo ya mankhwala sanatchule kanthu. Wogulitsa anangotembenuka n'kuika paketi patebulo.

"Munasowatu, bambo."

Anadziuza kuti ndi tiwiri tokha, sabata imodzi yokha, mpaka konkire ithe.

Lolemba sikisi koloko anali patsinde pa kreni, atameta bwino. Alamu anafika ndi wailesi ziwiri, n'kuwapatsa imodzi. Anawayang'ana kumaso nthawi yaitali, kenako anayang'ana pansi. Botolo la madzi lija linali litaimikidwa kuseri kwa mwendo wa kreni, lodzaza mpaka pakamwa.

"Mwaiwala madzi, alamu."

"Amalemera pokwera."

"Ndiye mutsika kangati lero?"

A Mphamba anagwira chitsulo choyamba n'kuyamba kukwera, mwachangu, kuti alamu aone mphamvu.

Katundu woyamba anali chidebe cha konkire. Kuchokera m'galasi anaona alamu akukoleka ngowe ndi kukoka chingwe kawiri monga mwa masiku onse. Kenako anaona chipewa chija chikuyenda chafutambuyo, kudutsa mulu wa mchenga, kudutsa magalimoto, mpaka kumpanda wa malata. Chili kumeneko chinakodola anthu ena kuti nawonso achoke.

Wailesi inalira. Munalibe nthabwala m'mawu a alamu.

"Kwezani."