Malire a Waziri telala

Waziri ndi telala wa ku Insaca, m'dziko la Mozambique, uja amasokera pakhonde moyang'anana ndi msika, tepi ili m'khosi ngati anabadwa nayo. Anaphunzira kusoka ali wothawa nkhondo ku Malawi, ndipo kumeneko ndi komwe anapezana ndi Khalidi, wogulitsa nsomba za ku nyanja ya Chiuta. Awiriwa, abale, mukaona mmodzi munkangofunsa kuti winayo wakhotera pati.

Onse anali m'gulu la anthu khumi ndi awiri, aziphunzitsi ndi amalonda, omwe ankasonkha ndalama. Sankakongoza pa chiwongoladzanja, poti ambiri ndi Asilamu. Ankagula mbewu pokolola n'kudzagulitsa mtengo ukakwera. Khalidi ndiye anali wapampando.

Koma Waziri anali atapsapo kale. Chaka china nandolo anagwa mtengo iye ali ndi matumba m'nyumba, nangoti mawa akwera, mawa akwera, mpaka anankafumbwe anamuthokoza. Ndiye gulu litayamba kulemera, anakhala pansi n'kulemba kalata, kulembera anthu omwe ankaonana nawo tsiku ndi tsiku! Ankati mawu apakamwa amatha ndi mkangano.

Khalidi anaiwerenga pamsonkhano:

"Abale anga, mtengo ukamagwa mtima umanama, choncho tipangane lero mitu ikadali yozizira. Loweruka lililonse tiziwerengera katundu wathu pa mtengo wa tsikulo, kuphatikiza ndalama za m'bokosi, ndipo tizilemba pomwe chuma chafika pamwamba penipeni. Chikatsika ndi khumi pa zana kuchokera pamwambapo, tisiye kugula. Chikatsika ndi makumi awiri pa zana, tigulitse zonse, tipume mwezi wathunthu. Tiziyeza kuchokera pamwamba, osati pa zomwe tinasonkha. Nthawi zina lamuloli lidzatigulitsitsa mtengo uli pafupi kukweranso, ndipo zidzawawa. Koma silidzalola kuti tingoyang'ana chuma chikutha. Pasapezeke wolisintha mtengo uli mkati mogwa."

Anawomba m'manja, onse n'kusayina. Ndani amakana lamulo zinthu zikukoma?

Anali atasonkha metikali zikwi 200, ndipo nandolo anakweza chumacho kufika 300. Kenaka ogula anazilala. Loweruka lina Waziri atawerengera anapeza 240, malire enieni aja.

"Tigulitse," anatero.

"Aa, inu achimwene!" anaseka Khalidi. "Tinaika 200, tili ndi 240. Taluza pati?"

"Tatsika ndi 60 kuchokera pa 300. Ndi makumi awiri pa zana amenewo. Munasayina, apampando."

Khalidi anasiya kuseka. Mwana wake Anisa anali atapeza malo kusukulu ya unamwino ku Cuamba, ndipo gawo la bamboyo m'gululi ndilo linali loti limulipirire. Pa 300 likanakwana, pa 240 linkapelewera. Anamukokera mnzakeyo pambali n'kumupempha milungu iwiri yokha. Waziri mtima unamupweteka, pakuti mwanayo anamusokera yunifomu kuyambira kalasi yoyamba, komabe anakana. Ankaopa kuti akadikira, mwina ndi 200 yomwe sadzaiona. Matumba anakwera galimoto.

Patapita milungu itatu, ogula a ku Nampula anatulukira ndi malole, mtengo n'kulumpha. Akanasunga, bwenzi ali ndi 350. Mayo ine! Tsiku lolembetsa ku Cuamba linadutsa Anisa akuyanika nsomba ndi mayi ake.

Anthu anayamba kumutchula Waziri kuti Senyoro Malire, ndiye kuti Bambo Malire. Zimenezo anazipirira. Chomwe chinamudwalitsa n'chakuti Khalidi ankadutsa pakhonde paja atayang'ana kumsika.

Tsiku lina masana Khalidi anabwera, koma sanakhale pansi.

"Loweruka mudzaime pagulu, munene kuti kalata ija inali yolakwika, tiing'ambe. Mukatero zatha, tidyeranso limodzi."

Waziri anaimitsa makina. Bodza limodzi lokha, mnzake n'kubwerera. Analifuna bodzalo, analifunitsitsa. Koma ankadziwa kuti kalata ikang'ambidwa, chaka china mtengo udzagwa osadzukanso, ndipo woyamba kugwira matumba mpaka kumira adzakhala Khalidi yemweyu.

"Za Anisa zikundidya, achimwene, sindigona nazo. Tengani gawo langa, akalembetse chaka chamawa. Koma lamulo silinalakwe."

"Sindinabwere kudzapempha," anayankha Khalidi, n'kutembenuka.

Loweruka limenelo anthu khumi ndi mmodzi anakweza manja, lamulo linachotsedwa, ndipo Waziri anabwezeredwa gawo lake mu envulopu.

Mpaka lero amasoka pakhonde pomwe paja. Pa Idi yapitayi, atatha mapemphero pabwalo, anapezeka ataima kumbuyo kwa Khalidi. Mkanjo womwe mnzakeyo anavala unali watsopano, wosokedwa ndi telala wina, ndipo phewa lamanzere linali lokhota. Waziri anakweza dzanja kuti aliwongole, kenaka analibweza, misozi ili chuchuchu, anthu akupatsana moni mbali zonse.