Silaidi Imene Ndinabisa

Ndinafika ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Dedza ndili ndi juzi imodzi ndi mtima wodzitama kuti kuzizira ndimakudziwa, kompyuta ndimaidziwanso. Za kuzizirazo, mvula ya mwezi woyamba womwe inandiphunzitsa ulemu. Za kompyutazo zinachedwa kundichititsa manyazi, koma manyaziwo atabwera sanachokenso.

Bungwe lathu linali laling'ono: zipinda zitatu m'nyumba ya lendi ndi galimoto imodzi yokonda kudwala. Tinkayendetsa sukulu za kwacha, zophunzitsa amayi akuluakulu kuwerenga ndi kulemba, ku Nkhorongo, ku Lupaso ndi ku Salisbury Lines. Ntchito yanga inali kutolera makaundula a ophunzira, kulowetsa manambala mu laputopu, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi kukonza masilaidi oonetsa anthu akunja otipatsa thandizo. Iwo ankafuna zinthu zitatu: zimene tachita, mmene ndalama zayendera, ndi zimene tichite kutsogoloku. Pa masilaidipo sukulu iliyonse inali ndi kabokosi kake. Kobiriwira ndiye kuti zikuyenda, kachikasu ndiye kuti samalani, kofiira ndiye kuti zavuta.

Ndisaname, masilaidi ndinkawakonza bwino, ndipo ndinkafuna aliyense adziwe zimenezo.

Mphunzitsi wa ku Salisbury Lines anali mayi wa ku Nkhata Bay, wamtali, wa mawu a kwaya, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri ndithu. Ankanditcha adada a kompyuta, ndipo ndikati ndiyesere moni wa Chitumbuka ankaseka mpaka kugwira khoma. Kalasi yake inkakumana m'katchalitchi kobwereka. Anali ndi lamulo limodzi limene sankasintha: wophunzira aliyense azilemba yekha dzina lake m'kaundula. Ngakhale zitenge mphindi khumi, ngakhale zilembo zikwere phiri, alembe yekha. Amene sanabwere, mzere wake uzikhala wopanda kanthu.

Makaundula a sukulu zina ankabwera odzaza bwino, koma ine maso ndili nawo. Masiku ena mayina onse ankakhala a dzanja limodzi, bolopeni imodzi. Ndinkaona, n'kutseka, n'kulowetsa manambala. Obiriwira ndinkawakonda.

Chaka chimenecho mvula inakana kusiya. Salisbury Lines ili m'dambo, ndipo madzi akabwera sagogoda. Analowa m'nyumba za anthu, analowanso m'katchalitchi kaja. Amayi ankakhalira kukapa madzi ndi kuyanika zofunda, ndiye sukulu akanapita nthawi yanji? Masabata angapo kalasi sinakumane. Mphunzitsi uja analemba m'kaundula tsiku ndi tsiku kuti madzi, madzi, madzi, ndipo alawansi ya masiku amene sanaphunzitse anakana kusainira. Wa zachuma wathu anamunyengerera, poti ndalamayo inali kale m'bajeti. Mayiyo anangoti, "Nasambizga yayi, ndiye ndilandire ya chiyani?"

Munthu wosadziwa ntchito yathu angaganize kuti ndalama ikatsala otithandiza amakondwa. Ayi. Pa silaidi ya bajeti pamakhala mizere itatu: imene tinakonza kugwiritsa ntchito, imene tagwiritsadi, ndi kusiyana kwake. Kusiyanako kukakula, iwo amawerenga kuti ntchito sinagwiridwe. Ndiye Salisbury Lines inafiira kawiri, pa kabweredwe ka ophunzira ndi pa bajeti pomwe.

Ndinapitako ndekha, nsapato m'manja, buluku nditapinda. Ndinajambula madzi ali m'miyendo ya mabenchi. Ndinaonanso mapepala a mayeso, ndipo apa m'pamene ndinadabwa: amayi a m'kalasi yake, ngakhale anajomba chotero, analemba bwino kuposa a kwina konse. Dzuwa litatulukako pang'ono ndinamujambula mphunzitsi uja ataimirira pabolodi, choko m'manja, akuseka.

"Mukawauze za maji agha, adada," anatero pondiperekeza. "Asaganize kuti ndife aulesi. Kukauma tibwezera masiku onse."

Ndinalonjeza. Ndinalonjeza mokweza, amayi onse akumva.

Ndipo poyamba ndinasungadi lonjezo. Ndinakonza silaidi yachisanu ndi chiwiri: chithunzi cha madzi chija, zotsatira za mayeso, ndi pempho loti atilole kusamutsa ndalama yotsalayo tichitire lendi chipinda cha kumtunda nthawi ya mvula. Ndalama ya thandizo susamutsa wekha kuchoka pa mzere wina kupita pa wina, umayamba wapempha. Chithunzi cha mayi akuseka ndinachiika pachikuto, silaidi yoyamba, chifukwa chinali chokongola kuposa zonse zimene ndinali nazo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tionetse masilaidiwo kwa otithandiza, abwana athu, mkulu wa bungwe, anakhala pambali panga kuti tione zonse. Anali munthu wabwino, wotopa, amene malipiro a tonsefe ankamusowetsa mtendere.

"Zili makora chomene," anayamikira m'Chitumbuka. "Koma atipatsa twenty minutes, ndipo anena okha kuti ten slides. Apa ndi eleven. Chotsani imodzi, musankhe nokha."

Musankhe nokha. Mawu amenewa ndawatembenuza kambirimbiri kufuna kuti ndipezemo polowetsa abwanawo m'mlandu, koma mulibe.

Yoyenera kuchoka ndinkaidziwa. Inali yachinayi, girafu imene inkangobwereza zimene silaidi yachitatu inanena kale. Koma girafuyo inanditengera masiku awiri. Mizati yake inkamera umodziumodzi ukadina, yobiriwira, yonyadira, ndipo ndinali nditaonetsa kale aliyense mu ofesi mpaka mlonda. Ndinayang'ana girafu yanga, n'kuyang'ana madzi akuda a m'katchalitchi. Ndinadziuza kuti chithunzi cha madzi chiwononga chisangalalo, kuti nkhaniyo ndidzainena pakamwa. Sindinaifufute silaidiyo, mtima sunalole. Ndinangoibisa, monga pulogalamuyo imalolera, kuti poonetsa izidumphidwa.

Tsono pempho la chipinda cha kumtunda linalinso pa silaidi yomaliza, ya zochita kutsogolo, ndipo popanda madzi aja linkaoneka ngati lagwa kumwamba. Ndinalichotsa, n'kulembapo mawu osalala akuti tiunikanso sukulu zimene sizikuchita bwino.

M'mawa mwake tinakhala atatu patebulo, ine, abwana ndi wa zachuma, titavala majekete ngati tikupita ku ukwati. Otithandizawo anali pa sikirini, kwawo kutali. Wotsogolera anali mayi wa magalasi, waulemu kwambiri. Ataona chikuto anagwira pamtima, nati nkhope ngati imeneyi ndi imene imawakumbutsa chifukwa chimene amagwirira ntchito. Girafu yanga itamera anati ndi yokongola, ine n'kumva kukoma mpaka m'zala. Tinadutsa pa tebulo la timabokosi, tinadutsa pa bajeti, ndipo kuchoka pa silaidi yachisanu ndi chimodzi tinagwera pa yachisanu ndi chitatu popanda wozindikira.

Pa mafunso mayi wa magalasi anati tibwerere pa timabokosi. Anafunsa kuti sukulu yofiirayi vuto lake n'chiyani. Anatiuzanso mosabisa kuti chaka chamawa thumba lawo lachepa, ndipo mwina sangathe kuthandiza sukulu zonse zitatu.

Abwana anatembenukira kwa ine, poti manambala anali anga. Silaidi yobisika siivuta kuitulutsa: umangodina nambala yake n'kudina batani limodzi. Chala changa chinali pomwepo. Koma m'mutu munadzaza zinthu zopusa. Aona kuti ndinabisa. Afunsa kuti nanga madziwo bwanji sitinawanene kale. Akamva kuti kaundula uyu ndi woona kwambiri, afunsa za enawo, ndipo enawo ndinalowetsa ndine.

Ndinayankha m'Chingerezi changa chabwino chija kuti kumeneko tili ndi mavuto a kabweredwe ka ophunzira, ndipo tikuwayang'anira. Liwu loti madzi silinatuluke. Mayiyo analemba kenakake, n'kuthokoza chifukwa cha kunena zoona kwathu. Abwana anandiyang'ana kanthawi, koma nthawi inali itatha, anthu akutsazikana kale.

Kalata inabwera patapita masabata atatu. Thandizo lipitirira ku sukulu ziwiri. Ya ku Salisbury Lines itsekedwe, ophunzira ake akalowe ku Lupaso, monga mwa mfundo yathu yomwe yoti tiunikanso zosachita bwino. Pa mapu a pa sikirini malo awiriwa amaoneka oyandikana. Kwa mayi wogulitsa tomato, wa mwana kumsana, ndi ulendo wofuna ndalama ya kabaza kupita ndi kubwera, katatu pa sabata. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita. Abwana analemba kalata yodandaula, ine n'kuikamo chithunzi cha madzi mochedwa, koma anatiyankha mwaulemu kuti bajeti yavomerezedwa kale.

Mphunzitsi uja anabwera ku ofesi Lachisanu lina masana kudzabweza katundu: bolodi laling'ono, choko chotsala, ndi kaundula atamukulunga m'jumbo. Ndinamva mawu ake pakhomo ndipo ndinalakalaka kutulukira pawindo.

"Monire adada a kompyuta. Mwatandala uli?"

Ndinayankha, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke Chitumbuka changa. Anakhala pampando, n'kuika kaundula patebulo panga. Mapepala ake anali atafufuma ndi chinyezi. Anatsegula tsamba lomaliza kundionetsa kuti tsiku lotsekera anabwera onse, ndipo aliyense analemba dzina lake lonse, la bambo lomwe. Analoza mzere wina wokhotakhota, nati uyu ndi gogo amene anayamba osadziwa kugwira pensulo.

"Ndamva kuti munandiika pa chithunzi choyambirira," anatero. "Akuti azungu anandikonda."

"Anakukondani, mama."

Anasalaza tsambalo ndi chikhatho. Kenaka anandiyang'ana m'maso, osati mokwiya, koma ngati munthu wofuna kutseka nkhani kuti apite kwawo.

"Za maji zija munawauza?"

Laputopu inali yotsegula pakati pathu. Silaidi ija inali momwemo, yotuwa, nambala yake itadulidwa ndi kamzere. Ndikanangoitembenuza.

"Ndinawauza, mama."

Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika, ngati watula mtolo wa nkhuni.

"Basi, ndiye mtima wanga wakhala pansi. Amayi aja amati mwina munaiwala, ine ndinawakalipira kuti mwana yura wangachita nthena yayi, sangatero, analowa m'madzi ndi ife. Ngati anamva n'kukana, mlandu si wanu. Yewo chomene, adada."

Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kupinda jumbo yake bwinobwino kuti akaigwiritsenso ntchito.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndinakonzanso masilaidi. Anakwana khumi ndendende, timabokosi tonse tobiriwira. Abwana anati chithunzi cha pachikuto chija otithandiza anachikonda kwambiri, tichibwezerepo. Ndinachibwezerapo.