Mawaya Anayi a Mkamwini Wanga

Mkamwini wanga ali ndi dipuloma ya zamagetsi. Ine ndinalekezera Sitandade 6, kenako ndinakalambira pa Benga ndikukonza mamota a zigayo.

Iye amagwira ntchito pa loji ina kunyanja. Anadzitama kwa mwini loji kuti apanga makatani odzitsegula okha. Kaya manja a alendowo anathyoka liti, sindikudziwa. Mwini loji anati Loweruka adzaona, ndipo zikakanika ntchito ya zamagetsi apatsa wina.

Lachinayi mwana wanga, mkazi wakeyo, anafika kwathu. "Bambo, tabwerani mudzangoona. Iwo sananditume."

Mkamwiniyo ndinamupeza pakhonde, thukuta lili kamukamu, laputopu pamwendo. Mota yokokera katani inali ya sitepa, ija imazungulira modukizadukiza, yaing'ono ngati chibakera. Anaizula m'makina akale a fotokope. Akayatsa, imangong'ung'udza n'kumanjenjemera ngati wamalungo, osazungulira.

"Ndi pulogalamu, bambo," anatero. "Liwiro ndachepetsa kale, mphamvu ndawonjezera. Mwina yapsa."

Yopsa imanunkha. Iyi sinkanunkha.

Kwathu kuno mpongozi sadzudzula mkamwini pamaso, choncho ndinkalankhula ndi mwana wanga ngati mwamuna wakeyo ali ku Dwangwa.

"Auze amuna ako achotse lamba wa katani."

Anachotsa. Inang'ung'udzabe. Ndiye vuto silinali kulemera kwa nsalu.

"Afunse mawayawa anawalumikiza potsata chiyani."

Mkamwini anayankha yekha. "Mitundu, bambo. Wofiira ndi wabuluu mbali imodzi, wakuda ndi wobiriwira mbali ina. Pa vidiyo anatero."

"Afunse ngati wa pa vidiyoyo ndi amene anapanga mota iyi."

Mwana wanga anayang'ana kumbali, mapewa akugwedera ndi kuseka.

Ndinati azimitse kaye magetsi, chifukwa kuzula mota moto uli mkati kumapha kabokosi koyiyendetsa. Mota yotere ili ndi makoyilo awiri, iliyonse mawaya awiri, ndipo amakoka mosinthana. Ukasakaniza mawayawo palibenso kusinthana, imangolira pamodzimodzi.

Ndinazula onse anayi. Ndinagundanitsa wofiira ndi wabuluu n'kupotokola shafiti, kachitsulo kozungulira kapakati, ndi zala. Yopepuka. Wofiira ndi wobiriwira: inalimba. Amenewo ndiwo anali a koyilo imodzi. Mita yoyezera anali nayo m'chikwama, yatsopano, ikadali m'pulasitiki.

"Auze awiriwa akhale mbali imodzi, otsalawo mbali inayo."

Anamanga, nabwezera lamba, nayatsa. Inazungulira, koma atadina kuti itsegule, katani inatseka. Ndisanayankhule anazimitsa, natembenuza mawaya awiri a koyilo imodzi, n'kuyatsanso. Chokhacho dipuloma inachidziwa.

Loweruka mwini loji anabwera, katani inatseguka, ntchito sinachoke. Ndinamva kwa mwana wanga kuti mkamwiniyo anawauza abwana ake kuti vuto linali lakuya, la m'kompyuta, ndipo analigonjetsa yekha.

Sindinatsutse. Adzukulu anga amadya pa loji imeneyo.